Mawu owerengera amayi pa tsiku lawo lobadwa

"Amayi akukwanitsa zaka 60 Loweruka likudzali. Ndikufuna kuwalembera mawu oti ndikawerenge pamaso pa abale, koma akumatuluka ngati aja timangotumizirana pafoni. Ndiyambire pati?"

Achemwali, musayambe ndi kuwatamanda. Yambani ndi tsiku limodzi lomwe mukulikumbukira bwino, mulifotokoze momwe linalili.

Chaka chatha ine ndinayamba ndi kulemba kuti "amayi ndinu olimbikira". Nditawerenganso ndinafufuta, n'kulemba chonchi: "Amayi, chaka chomwe ndinkalemba mayeso a Sitandade 8, munkadzuka tambala asanalire kupita kudoko ku Malindi kukapikula usipa. Musanatuluke munkandiikira mbatata yootcha m'chikwama, osanena kanthu. Ndinadziwa mochedwa kuti inuyo munkangomwa tiyi basi." Amayi anagwira chitenje kukamwa, azakhali n'kuyamba kugwetsa misozi, poti nawonso ankazidziwa zimenezi.

Mukalemba chiganizo, dzifunseni: kodi mnzanga angachitenge n'kukawerengera amayi ake osasinthamo kanthu? Ngati angatero, chichotseni, ngakhale chikome bwanji. Mbatata ija palibe angaibwereke.

Ikanimonso mawu omwe amakonda kunena, m'chilankhulo chomwe amawanenera. Ngati ankakudzutsani m'Chiyao, lembani m'Chiyao momwemo, pamenepo ndi pomwe abale amaseka n'kuvomera.

Chenjerani ndi nkhani za ngongole kapena mavuto a m'banja. Kwa inu ndi umboni wa kupirira kwawo, koma pamaso pa apongozi zingawachititse manyazi, ndiye afunseni kaye akulu anu. Mukamaliza muwerenge mokweza panokha, zisapitirire mphindi 2.