Manambala a pachigubu cha oyilo: yankho kwa mwini Corolla wa ku Santhe

"Ndili ndi Corolla yakale ya petulo yomwe yayamba kudya oyilo. Makaniko wina pa Kasungu boma akuti ndisiye 15W-40 ndizithira 20W-50, pomwe wina akuti SAE 50 ndiye weniweni. Manambalawa akutanthauza chiyani, ndipo kodi wotsala m'chigubu ndingathire m'njinga yamoto imene mwana wanga amachitira kabaza?"

Bambo, manambala awiriwo sanena za ubwino wa oyilo ayi, koma amanena za kulimba kwake, monga momwe timasiyanitsira phala lolimba ndi lamadzimadzi. Oyilo aliyense amalimba akazizira ndipo amasungunuka akatentha, ngati uchi umene umavuta kutsika m'botolo m'mawa wa mu Juni koma mu Okutobala umangoyenderera. Pa chifukwachi bungwe la akatswiri a za magalimoto lotchedwa SAE linakhazikitsa kuti aziyezedwa pawiri. Nambala yoyamba, yokhala ndi W, imanena za mmene amayendera injini ikazizira, ndipo W ameneyo ndi chilembo choyamba cha liwu la Chingerezi lotanthauza nyengo yachisanu. Nambala yachiwiri imanena za kulimba kwake pa madigiri 100, komwe ndi pafupi ndi kutentha kwa oyilo injini ikagwira ntchito kwa kanthawi.

Nambala yoyambayo isakudetseni nkhawa kwambiri. Oyilo wa 20W amayesedwa pa madigiri 15 pansi pa ziro, wa 15W pa madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo chisanu chotere kuno kulibe, ngakhale m'madambo a ku Mchinji momwe mame amagwa kwambiri mu Julaye. Kusiyana kumene mungakuone n'koti 15W amafika msanga pamwamba pa injini mukangoliza m'mawa kuposa 20W, ndipo zimenezi n'zabwino, chifukwa zitsulo zimadyana kwambiri m'masekondi amene oyilo asanafike.

Nkhani yagona pa nambala yachiwiri. Pa madigiri 100, oyilo wa 40 amayezedwa pakati pa 12.5 ndi 16.3 pa muyezo wa kulimba, pomwe wa 50 amakhala pakati pa 16.3 ndi 21.9. Injini ikakalamba, mipata ya pakati pa zitsulo imakula, ndipo oyilo wolemerako amadzaza mipatayo bwino, motero mphamvu yomwe pampu imamukankhira sitsika kwambiri. Apa ndiye pali nzeru ya makaniko woyamba uja. Koma kukalamba pakokha si umboni woti mipata yakula, ndipo ine sindingakuuzeni kuti musinthe musanayeze.

Chitani chonchi. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, zimitsani injini, dikirani mphindi 10 kuti oyilo atsikire pansi, kenaka solorani kachitsulo koyezera oyilo, kapukuteni, kabwezereni mpaka kumapeto ndi kukasololanso. Dzazani mpaka pa chizindikiro chapamwamba ndipo lembani makilomita amene akuoneka pa mita. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuchokera pa chizindikiro chapamwamba kufika chapansi pamalowa pafupifupi lita imodzi. Kuchoka pa Kasungu boma kupita ku Lilongwe ndi pafupifupi makilomita 130, choncho maulendo anayi opita ndi kubwerako amakupatsani makilomita opitirira pang'ono 1,000. Ngati pambuyo pa mtunda umenewu oyilo watsika gawo limodzi la magawo anayi a mpatawo, injini yakale imatero, ndipo khalani pa 15W-40 n'kumangowonjezera. Ngati wafika pakati kapena kupitirira, musanagule chigubu china yang'anani kaye kumene akupita.

Yalani katoni pansi pa injini usiku wonse. Mukapeza madontho m'mawa, oyiloyo akutayika, sakupsa, ndipo chofunika ndi gasiketi kapena silo yatsopano, osati nambala ina. Ngati katoni ali wouma, uzani mwana wanu aime kumbuyo pamene mukuliza injini itagona usiku. Utsi wobiriwira ngati mtambo umene umatuluka kwa kanthawi kochepa n'kuleka nthawi zambiri umasonyeza kuti timalabala ta pa mavalavu tauma, ndipo oyilo amadonthera m'masilinda galimoto ikaima. Utsi womwewo ukamatuluka mukaponda moto pachitunda, akukayikiridwa ndi maring'i a pisitoni. Pamenepa 20W-50 amachepetsadi utsi ndi kudya oyilo, ngakhale sabwezeretsa chitsulo chomwe chadyeka, ndipo petulo amayamba kuthako msanga pang'ono chifukwa injini imalimbana ndi oyilo wolemera. Chizindikiro china choyenera 20W-50 ndi nyali yofiira ya oyilo imene imaphethira injini ikatentha mutaima pamalo amodzi, n'kuzima mukaponda moto. Komabe nyali imeneyi ikayamba kutero, pemphani makaniko alumikize geji yoyezera mphamvu ya oyilo, chifukwa nthawi zina chafa ndi kaswitchi kotsika mtengo chabe.

Malangizo a makaniko wachiwiri ndiwo ndikuwakana. SAE 50 wopanda W sanayesedwe pozizira nkomwe, ndipo m'mawa wa mu Juni amakhala wolemera kwambiri moti pamwamba pa injini pamalira kuti kwecherekweche asanafikepo. Ndiwonjezerepo kuti zonsezi ndikunena za injini zakale monga 5A-FE. Injini zolembedwa VVT-i zimagwiritsa ntchito oyilo poyendetsa nthawi yotsegulira mavalavu kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo zinapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30.

Ubwino wa oyilo umalembedwa kumbuyo kwa chigubu, pamene pali zilembo za API, bungwe la ku America loika miyezo ya oyilo. Zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, zoyamba ndi C ndi za dizilo, ndipo chilembo chachiwiri chikamapita patsogolo ndiye kuti muyezowo ndi watsopano: SL inabwera mu 2001, SN mu 2010, SP mu 2020. Corolla yanu SL imaikwanira. Oyilo wopungulidwa kuchokera mu mgolo n'kuikidwa m'mabotolo a madzi alibe zilembo zimenezi, ndipo ine ndinaphunzira mowawa nditagula wotere panjira, pomwe patangotha milungu iwiri anali atada bii ndi kununkha chopserera.

Za njinga yamoto, wotsalayo musampatse mwana wanu pokhapokha chigubucho chitalembedwa JASO MA kapena JASO MA2, zomwe ndi zizindikiro za muyezo wa oyilo wa njinga zamoto. M'galimoto oyilo wa injini amangosamalira injini yokha, koma m'njinga zambiri za kabaza oyilo mmodzi yemweyo, pafupifupi lita imodzi basi, amazungulira mu injini, m'magiya ndi m'kilatchi, yomwe mbale zake zimakhala zomira mwa iye. Oyilo wina wa galimoto amathiridwa mankhwala owonjezera kuterera pofuna kupulumutsa petulo, ndipo mankhwalawo akamatirira pa mbalezo zimalephera kugwirana. Mwanayo adzazindikira atanyamula munthu ndi thumba la chimanga pachitunda, injini ikulira kwambiri koma liwiro osawonjezeka. Mano a magiya nawonso amapera oyilo n'kumupepukitsa, ndipo injini yozizidwa ndi mphepo yokha imatentha kwambiri mu Okutobala, n'chifukwa chake oyilo wa njinga amasinthidwa pafupipafupi kuposa wa galimoto, makamaka m'misewu yafumbi ya kumidzi. Agule botolo lolembedwa 4T, la nambala imene buku la njingayo likunena, yomwe pa njinga zambiri zotere imakhala 20W-50 kapena 10W-40. Asasokoneze ndi lolembedwa 2T, amene anapangidwa kuti azisakanizidwa ndi petulo n'kupsera limodzi, kapena la JASO MB, lomwe ndi la timasikuta topanda kilatchi yomira mu oyilo.