Gemu ikauma poiyatsa koyamba, musathamangire kugula khadi ina

"Abale ndithandizeni. Ndaika gemu yatsopano pa kompyuta, koma ndikaiyatsa ikulemba Compiling shaders kenaka ikungouma, mafani akulira ngati apsa. Ndikalowa mkati ikumadukizadukiza. Kodi khadi yanga ya gilafiki yatha?"

Achimwene, musaitseke gemuyo, ndipo aliyense amene akuuzeni kuti khadi yatha asanaone n'komwe Task Manager musamumvere. Ndawerenga funso lanuli mtima wanga n'kuwawanso, chifukwa mawu omwewo ndi amene anandipweteketsa ine.

Yanga inaima pakati penipeni pa kamzere kowerenga ka Compiling shaders kaja. Sikirini inachita mbuu, pamwamba n'kulemba Not Responding, kamuvi ka mausi kakungozungulira, mafani akulira moti ndinagwira bokosi la kompyuta n'kumva kutentha kudzanja. Ndinaitengera kwa munthu wina wokonza makompyuta amene anthu ankamutama. Iye anangomvetsera kulira kwa mafani n'kunena kuti khadi ikufa, ndiyambe kusaka ina. Pofuna kuoneka kuti wagwirapo ntchito, anachotsa dalaivala wa khadi n'kuikanso, kenaka anandiikira kapulogalamu kena koyeretsa kompyuta, n'kukatchera kuti kazisesa zokha nthawi iliyonse ndikayatsa makina. Osandiuza! Kuyambira tsiku limenelo gemu ija inkayambiranso kukonza masheda madzulo aliwonse, ngati sinayatsidwepo chiyambire. Ndikalowa mkati, bomba loyamba likaphulika chithunzi chinkaima njii, phokoso lokha likupitirira, pamene chikubwerera ine ndafa kale. Anzanga amene tinkasewera nawo anafika potopa kundidikira. Nditabwererako kukadandaula, bamboyo anati, "Mwaona? Ndinakuuzani kuti khadi yatha." Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti matenda amene ankandilozerawo anali atawabweretsa yekha. Kapulogalamu kake kankafufuta zonse zimene kompyuta yavutikira kukonza dzulo lake, ndipo khadi imene ankati ikufayo ndi yomwe ndikusewerera mpaka pano.

Nkhani yake ili chonchi. Sheda ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamayenda pa khadi ya gilafiki, kamene kamauza khadiyo mmene madzi anyezimire, mmene mthunzi ugwere pakhoma, mmene utsi uonekere. Opanga gemu amalemba masheda m'chinenero chonga HLSL, ndipo potumiza gemuyo amakhala atawasandutsa kale kukhala chinthu chapakati, DXIL ngati gemuyo imalankhula ndi khadi kudzera mu DirectX 12, kapena SPIR-V ngati imadzera mu Vulkan. Koma chapakaticho khadi yanu singachiyendetse. Khadi ya NVIDIA, ya AMD ndi ya Intel, iliyonse ili ndi malamulo akeake a mkati, ndipo ngakhale makhadi a kampani imodzi amasiyana mbadwo ndi mbadwo. Choncho gawo lomaliza amalimaliza ndi dalaivala, pa kompyuta yanu yomweyo. Zili ngati telala amene wadula kale nsalu koma sangasoke asanakuyezeni. PlayStation 5 ilibe vutoli chifukwa makina onse a mtundu umodzi ndi ofanana, opanga gemu amamaliziratu zonse kwawo komweko.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera: ntchito yomalizayo siigwira khadi ayi, imagwira purosesa. N'chifukwa chake mafani akukuwa. Nthawi imene gemu yaumayo, dinani Ctrl+Shift+Esc kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance. Mukaona CPU, yomwe ndi purosesa, ili pafupi ndi 100% pamene GPU, yomwe ndi khadi, yangokhala pansi, kompyuta yanu ili pantchito, sinafe. Ndipo Not Responding ija isakuopseni. Windows imalemba zimenezo pulogalamu ikangotha masekondi 5 osayankha mausi kapena kiyibodi, kaya yafa kaya yangotanganidwa.

Mwina mufunsa kuti zikuchedweranji chonchi ngati timapulogalamuto ndi tating'ono. Ndi kuchuluka kwake. Tengani chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo khoma, chimene sheda yake ili ndi zosankha 10 za inde kapena ayi: lanyowa kapena louma, pali chifunga kapena palibe, likulandira mthunzi kapena ayi, ndi zina zotero. Zosankha 10 zimenezo zikhoza kubala mitundu 1,024 ya sheda imodzi yomweyo. Si yonse imene gemu imagwiritsa ntchito, koma onjezanipo khungu la anthu, tsitsi, magalasi, udzu ndi moto, muona kuti zikufika m'masauzande ambirimbiri. Kuwonjezera apo, DirectX 12 ndi Vulkan sizitenga sheda payokha. Zimamanga masheda pamodzi ndi malangizo ena onse a kajambulidwe kukhala phukusi limodzi lotchedwa PSO, ndipo kanthu kamodzi kakasintha m'phukusimo pamafunika lina latsopano.

Gemu ili ndi njira ziwiri. Ikhoza kukudikiritsani pakhomo n'kukonzeratu maphukusi onse amene ikuwadziwa, kamzere kanu kaja ndi kameneko. Kapena ikhoza kukulowetsani msanga n'kumakonza phukusi lililonse pamene lafunika koyamba. Njira yachiwiriyi ndi imene imabala kudukiza. Werengani nokha: pa mafulemu 60 pa sekondi, fulemu iliyonse ili ndi mamilisekondi 16.7 okha kuti ikhale itajambulidwa. Tinene kuti mwaombera mfuti yamoto koyamba, ndipo phukusi la lawi lake likutenga mamilisekondi 200 kuti likonzeke. Gemu singajambule lawilo popanda phukusi, ndiye imaima n'kudikira, ndipo mafulemu 12 atayika pamenepo. Maphukusi asanu otere akafunika pakamodzi, monga polowa m'chipinda chatsopano chodzaza adani, yauma sekondi yathunthu. Magemu ambiri amasakaniza njira ziwirizi. Amakonzeratu zambiri pakhomo, koma mndandanda wawo umachokera pa zimene oyesa gemu anakumana nazo posewera, ndiye zimene sanazifikire zimakugwerani inuyo mkati. Zimenezi si za kompyuta zofooka zokha. The Callisto Protocol itatuluka mu Disembala 2022 inkadukiza ngakhale pa makina amphamvu mpaka opanga anaikonza kuti izikonzeratu masheda, ndipo The Last of Us Part I itafika pa kompyuta mu Malichi 2023 anthu anadandaula kwambiri ndi kutalika kwa nthawi yodikira pakhomo.

Phukusi likakonzedwa limasungidwa pa disiki kuti mawa lisakonzedwenso. Ngati khadi yanu ndi ya NVIDIA, dinani Win+R n'kulemba izi:

```
%LOCALAPPDATA%\NVIDIA\DXCache
```

Mukapanda kuipeza pamenepo, madalaivala ena amaisunga mkati mwa `%USERPROFILE%\AppData\LocalLow\NVIDIA`. Ya AMD yang'anani mu `%LOCALAPPDATA%\AMD`. Onani kukula kwa fodayo gemu ikadali pa kamzere kaja, dikirani mphindi zingapo, muonenso. Ikamakula, ntchito ikuyenda ngakhale nambala ya pa sikirini isakusuntha. Umu ndi mmene ine ndinagwirira wakuba wanga: usiku foda inali yodzaza, m'mawa nditayatsa makina inali mbee.

Ndiye yesani chonchi. Isiyeni imalize, kaya itenga mphindi zingapo kaya kupitirira theka la ola, zimatengera mphamvu ya purosesa yanu. Ngati ndi laputopu ilumikizeni ku magetsi, chifukwa pa batire purosesa imadzichepetsa liwiro. Tsekani burawuza ndi zina zonse zodya purosesa. Ikamaliza sewerani malo amodzi, ombelani zida zonse, tulukani m'gemumo bwinobwino, n'kulowanso malo omwewo. Kachiwiriko kudukiza kukachepa kwambiri, anali masheda, nkhani yatha. Koma ikamadukiza pakhomo lomwelomwelo ulendo uliwonse mukadutsapo, amenewo si masheda, gemu ikukoka dera latsopano kuchokera pa disiki, ndipo vutolo limakula ngati disiki yanu ndi yakale yozungulira ija. Ikamayamba bwino n'kumalemera pang'onopang'ono mukasewera nthawi yaitali, ganizirani za kutentha kapena kudzaza kwa memore ya khadi.

Dziwaninso kuti mukasintha dalaivala wa khadi, zosungidwa zakale sizigwiranso ntchito, gemu iliyonse iyambiranso. Gemu ikalandira zosintha zazikulu zimathanso kutero. Choncho musaike dalaivala watsopano mphindi zochepa musanasewere ndi anzanu. Mu Disk Cleanup muli kabokosi kolembedwa DirectX Shader Cache, kasiyeni kopanda chizindikiro. Ngati muli ndi magemu akuluakulu ambiri pa khadi ya NVIDIA, pitani mu NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, Shader Cache Size, muike 10 GB, chifukwa malowo akadzaza dalaivala amataya zakale kuti alowetse zatsopano, ndipo gemu imene simunaisewere kwa kanthawi imadzadukizanso ngati yachilendo.

Foda ya masheda ija musamaikhudze, komabe ilipo nthawi imodzi yoti muifufute ndi manja anu. Ngati makina anazima mwadzidzidzi kamzere kali pakati, ndipo tsopano gemu ikumadzitsekera pa nambala yomweyomweyo, CPU itagwa pansi, foda osakula, n'kutheka kuti fayilo ina inalembedwa theka. Tsekani gemu, fufutani za mkati mwa DXCache, zimene Windows ikukana kufufuta zisiyeni, yatsaninso kompyuta, mudikire imalize kuyambira pachiyambi. Kamodzi kokha, osati tsiku ndi tsiku ngati mmene anandichitira bambo uja.

Ikakanabe, tiuzeni purosesa yanu ndi iti. Ma Intel ena amphamvu a mbadwo wa 13 ndi 14, monga Core i9-13900K ndi i9-14900K, anali ndi vuto lenileni lomwe linkaonekera kwambiri pa nthawi yokonza mashedayi, chifukwa ndi pamene purosesa yonse imapanikizika. Gemu inkagwa n'kulemba Out of video memory, anthu n'kumanamizira khadi pamene wodwala ndi purosesa. Intel inatulutsa zokonza mu 2024 kudzera mu BIOS, pulogalamu ya pa bodi yoyatsira kompyuta, zotchedwa 0x129 mu Ogasiti ndi 0x12B mu Seputembala, koma zimenezo zimangoteteza, purosesa yowonongeka kale siichira, imafunika kubwezedwa pa waranti. Ngati yanu ndi imodzi mwa zimenezi onani BIOS ya bodi yanu kaye, ndipo mutiponyere chithunzi cha Performance chojambulidwa nthawi imene gemuyo yauma.