Kusamutsa nambala ya ku Joni kupita ku netiweki ina osaitaya

"Asisi, ndangoyamba kumene maulendo a ku Joni kukaoda zovala. Nambala yanga ya kumeneko ogulitsa ndi madalaivala anaizolowera kale, koma netiweki yake ikundidyera ndalama. Akuti ndingathe kupita kwina ndi nambala yomweyo. Zimayenda bwanji, ndipo sindisowa pa foni masiku ambiri?"

Zimatheka ndithu achemwali, ndipo ku South Africa zinayamba kale, mu Novembala 2006. Bungwe loyang'anira za mafoni kumeneko, ICASA, ndi limene linaika malamulo ake, moti Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom onse amalandira nambala yochokera kwa mnzawo. Koma zimathera m'dziko lomwelo. Nambala ya +27 singasanduke ya TNM kapena Airtel kuno kwathu, ndiye simu yanu ya kumudzi isakhudzidwe ndi nkhaniyi.

Kusamutsako n'kosavuta. Chimene chimagwetsa ife a pamsewu ndi tsiku limene tasankha. Munthu wokhala ku Joni konko akhoza kuyamba tsiku lililonse, zikavuta mawa apita ku shopu. Inu ndi ine timakhalako masiku anayi kapena asanu, kenako basi yanyamuka. Choncho muyambe tsiku limene mwafika, makamaka Lolemba kapena Lachiwiri, kuti zonse zithe mudakali m'tauni. Musayambe Loweruka, musayambe pa holide, ndipo musayerekeze kuyamba mawa lake muli pa ulendo.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ulendo wina ndinamaliza kuoda Lachisanu masana, mabelo onse atamangidwa, ndiye ndinati poti nthawi ilipo ndikonze za foni. Ndinagula simu yatsopano, n'kutumiza uthenga wopempha kusamuka. Usiku umenewo palibe chinachitika. Ndinaganiza kuti zakanika, kasimu katsopano kaja ndinakaponya m'thumba la chikwama chachikulu, chikwamacho n'kulowa m'ngolo ya basi pansi pa katundu wa anthu onse. Loweruka usiku tili pa mzere ku Beitbridge, ndikufuna kuimbira mnyamata amene amatithandiza mapepala a katundu, ndinangoona pa foni palembedwa "Emergency calls only". Nambala inali itasamuka. Simu yakale yafa m'manja mwanga, yatsopano ili pansi pa matumba, ndipo palibe kondakitala angakumasulireni ngolo pa boda chifukwa cha kasimu. Ndinakaipeza titatsitsa katundu ku Lilongwe, nditadutsa Harare, Nyamapanda, Tete ndi Dedza wopanda nambala imeneyo. Nditaiika m'foni sinagwire netiweki, poti inali isanadzukepo ndi kamodzi komwe kwawo. Milungu itatu wogulitsa nsapato wanga ankaimba osandipeza, ndipo katundu amene anandisungira anagulitsa kwa wina. Cholakwa chinali changa, cha tsiku basi.

Tsono ndikuuzeni mmene ndinachitira ndi mng'ono wanga chaka chotsatira, zimene zinayenda bwino.

Tinafika ku Park Station Lolemba m'mawa. Tisanapite n'komwe kukaoda ku mashopu a ku Dragon City tinalowa mu shopu yeniyeni ya netiweki imene ankafuna, n'kugula simu yatsopano. Simuyo imayenera kulembetsedwa m'dzina lanu, zimene kumeneko amati RICA. Mlendo amaonetsa pasipoti ndi pepala losonyeza kumene akukhala. Ife tinatenga kalata kwa eni nyumba imene timafikira. Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa ambiri timagula masimu a pamsewu olembetsa kale, aja amagulitsa pafupi ndi pokwerera mabasi. Amagwira ntchito, inde, koma ali m'dzina la munthu amene simudzamuonapo. Mukasamutsira nambala ya bizinesi yanu pa simu yotere, tsiku limene foni yabedwa mukapita ku shopu kukapempha simu ina, adzakufunsani chiphaso cha mwini wake, inu mulibe. Nambala imene mwaivutikira zaka imapita choncho. Lolani kuima pa mzere ola limodzi, dzina likhale lanu.

Simu yatsopanoyo musaiike m'foni kaye. Pa khadi lake pali nambala yaitali yoyamba ndi 8927, ndiyo imafunika. Uthenga wopempha kusamuka umachokera pa simu yakale, chifukwa ndi umboni woti nambalayo ili m'manja mwanu. Mumalemba liwu loti PORTME, kenako nambala ya pa khadi ija, n'kutumiza ku netiweki imene mukupitako. Kwa MTN ndi 083 767 8287, kwa Vodacom ndi 082 767 8287. Kalembedwe kake kamasiyana pang'ono, ena amafuna chizindikiro cha # pakati, ena amafuna mbali chabe ya nambala yaitaliyo, ndiye ife tinapempha mtsikana wa mu shopu kuti ayang'ane tisanatumize. Kuphonya nambala imodzi yokha pempho limabwerera. Ku netiweki yakale simupitako kukatsanzika, watsopanoyo ndiye amakambirana nawo.

Pasanapite nthawi kumabwera uthenga wofuna kuti mutsimikize, nthawi zina ndi manambala achinsinsi. Muyankhe pomwepo, chifukwa umakhala ndi malire a nthawi, ukadutsa muyambiranso. Ndiye foni ikhale yoyaka, simu yakale ili momwemo. Mudzalandiranso mauthenga okunyengererani kuti musachoke, muwerenge bwino musanadine chilichonse kuti musafafanize pempho lanu nokha. Ndipo ngati tsiku lina uthenga wotere wabwera inu musanapemphe, dziwani kuti wina akufuna kuba nambala yanu kuti alowe nayo ku banki. Musayankhe movomera, musauze munthu manambalawo, imbirani netiweki yanu nthawi yomweyo.

Kenako kudikira. Kusamuka kwenikweni kumachitika madzulo mpaka usiku, si masana, ndipo kawirikawiri kumatha mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Masana onse simu yakale imagwira ntchito ngati kale. Mng'ono wanga anaoda majini ake Lolemba lonse akuimba bwinobwino. Usiku tikudya, timizere ta netiweki tinazimiririka. Chimenecho ndiye chizindikiro. Anachotsa yakale, kuika yatsopano, kuzimitsa foni n'kuyatsanso, ndipo patapita kanthawi dzina la netiweki yatsopano linaoneka pamwamba. Nthawi imene anasowa pa foni inali ya usiku womwewo, anthu ali mtulo.

Foni ikagwira musafulumire kusangalala. Kuimba inuyo kumayamba msanga, koma kulandira ndi kumene kumachedwa, chifukwa netiweki iliyonse iyenera kudziwa kuti nambala iyi tsopano ikupezeka kwakuti. M'mawa mwake tinayesa motere: ine ndinamuimbira, mayi wa nyumba amene ali pa netiweki ina anamuimbira, mlamu wathu ku Lilongwe anamuimbiranso n'kutumiza meseji. Mukaona kuti a netiweki imodzi akukupezani koma ena akuuzidwa kuti nambala kulibe, ndiye kuti kusamuka sikunafike ponse. Dikirani tsiku limodzi, zikapitirira pitani ku shopu ya netiweki yatsopano, osati yakale, muwauze kuti ndi anthu a netiweki iti amene sakukupezani. N'chifukwa chake ndikulimbikira za Lolemba. Vuto ngati ili simungalikonze muli ku Tete.

Pali zimene zimatsala m'mbuyo. Mayunitsi, mabandulo a intaneti ndi mphindi zaulere za ku netiweki yakale sizikutsatirani, zimafera komweko, ndiye musagule bandulo ya mwezi sabata imene mukusamuka. Ngati munakongola mayunitsi, bwezani kaye. Manambala a anthu amene munasunga pa simu yeniyeniyo muwakoperere m'foni simuyo isanafe. Manambala ofunsira ndalama yotsala nawonso amasintha: ku Vodacom ndi *135#, ku MTN *136#, ku Telkom *188#. Mafoni ena otchipa amagulitsidwa atatsekeredwa ku netiweki imodzi, choncho bwerekani simu ya mnzanu ya netiweki imene mukufuna, muiyese m'foni yanu musanayambe chilichonse.

WhatsApp isakudetseni nkhawa. Imatsata nambala, osati kampani, ndiye magulu anu ndi zithunzi za katundu zili momwemo. Musaichotse n'kuikanso masiku amenewo, chifukwa idzafuna kukutumizirani manambala pa meseji pamene mameseji asanakhazikike.

Kumene muyenera kusamala kwambiri ndi ndalama. Ngati nambalayo ndi imene imalandira manambala achinsinsi a ku banki kapena a kampani yotumizira ndalama kumudzi, yembekezerani kuti akhoza kuchedwa kapena kuimitsidwa kwa kanthawi. Mabanki amaona simu ikasintha, ndipo poti akuba amadzera njira yomweyo, ena amayamba atseka mpaka atatsimikiza kuti ndinu. Mng'ono wanga ndinamuuza kuti alipire ogulitsa akuluakulu ndi kusungitsa malo a katundu pa basi Lolemba masana, simu yakale ikadali moyo. Lachitatu anayesa kutumiza kandalama kochepa kuti aone ngati meseji ifika. Inafika, ndipo Lachisanu tinakwera mtima uli m'malo.

China chimene ogulitsa anu angadabwe nacho n'chakuti chiyambi cha nambala sichinenanso zoona. Tinazolowera kuti 082 ndi Vodacom, 083 ndi MTN, 084 ndi Cell C, 081 ndi Telkom. Mukasamuka, 083 yanu ikhoza kukhala ya Telkom, ndipo amene ali ndi mphindi zoimbira netiweki yake yokha adzadyeredwa mayunitsi akakuimbirani. Ena amamva kulira katatu kofupika foni isanayambe kuitana, ndiko kuwachenjeza kuti nambalayo inachoka. Auzeni nokha pa WhatsApp, makamaka achibale amene amakugulirani mayunitsi, kuti asagule a netiweki yakale.

Musanasankhe kopita, funsani anzanu a m'basi kuti simu zawo zimagwira bwanji kumene inu mumayenda: mkati mwa mashopu a ku Crown Mines, mumsewu wa N1 kupita ku Musina, ndi pa boda pomwe. Funsaninso mtengo woimbira ku Malawi, osangoona wa intaneti. Mukasamuka simuloledwa kusamukanso nthawi yomweyo, pamadutsa mwezi kapena kuposerapo, ndiye ngati mwalakwitsa mukhala nazo mpaka ulendo wina.

Ngati nambala yanu ndi ya kontilakiti yolipira pa mwezi, kusamuka sikufafaniza ngongole, zotsalazo mudzalipirabe, ndipo pempho limafuna kuti zonse zifanane ndi zimene zili pa akaunti. Koma ndikukhulupirira kuti yanu ndi yothira mayunitsi ngati yathu. Imeneyo mukabwerera kumudzi musaigoneke miyezi yambiri osathiramo kanthu, chifukwa simu ikakhalitsa osagwira ntchito amaitseka n'kupereka nambala kwa munthu wina, ndipo yotsekedwa singasamutsidwe. Ine ndikakhalitsa kuno ndimatuma mayi wa nyumba uja kuti andithirire pang'ono mwezi uliwonse, ndimakawabwezera ndikafika.