Zovala zouma gwa pa chingwe: yambani ndi madzi, sopo pambuyo

"Achemwali, chisamukireni ku nyumba yathu yatsopano tikutunga pa mjigo. Matawulo akumauma gwa, malaya oyera a sukulu a ana asanduka otuwa, zitenje nazo zazilala. Ndikuthira sopo wambiri koma sizikusintha. Amuna anga ayamba kunena kuti ndatayirira. Kodi ndigule sopo wanji?"

Mayi mnzanga, mawu oti mwatayirirawo andipweteka, chifukwa nane ndinawamvapo. Kwathu ndi ku Mulanje, kumene madzi amatsika m'phiri atadutsa pa miyala yosasungunuka. Kumeneko kachidutswa ka sopo wamtanda kamachita thovu lodzaza beseni. Nditakwatiwa tinakakhala ku Balaka, dera lomwe anthu amakumba miyala ya laimu n'kumawotcha. Manja anali omwewo, sopo yemweyo, koma ndikati ndipake sopo pa malaya, thovu silimabwera. Madzi amangoyera mbuu, pamwamba n'kuyandama tizinthu totuwa tonanda, tokakamira m'mbali mwa beseni moti umachita kupala ndi chikhadabo. Matewera a mwana wanga woyamba ankauma okhakhala, mwana n'kumanyuka m'ntchafu. Apongozi anga, munthu wabwino ndithu, tsiku lina anagwira thewera pa chingwe n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi amake mwana, kwanu amatsukuluza kangati?" Ndinalowa m'nyumba misozi ili m'maso.

Amene anandimasulira nkhaniyi ndi mphunzitsi wa sayansi yemwe tinkayandikana naye nyumba. Anangondiuza kuti ndisuzumire m'ketulo. Pansi pake panali chikhokho choyera. Chimenecho ndi laimu, kutanthauza kalisiyamu ndi magineziyamu, michere yomwe madzi amatola akamayenda m'miyala pansi pa nthaka. Sopo wamtanda amapangidwa ndi mafuta, ndipo akakumana ndi michere imeneyi amagwirana nayo n'kusanduka phala losasungunuka m'madzi. Phala limenelo ndi lomwe limalowa pakati pa ulusi wa nsalu. Likauma nsalu imauma nalo, ndipo limakola fumbi ndi thukuta, n'chifukwa chake choyera chimatuwa. Chitenje chanu mwina sichinasuluke n'komwe, changokutidwa pamwamba.

Taonani kukula kwake. Madzi akapitirira mamiligalamu 180 a laimu pa lita amawerengedwa kuti ali ndi laimu wochuluka kwambiri, ndipo mijigo ina imafika 300. Pa mlingo wa 300, chidebe cha malita 20 chili ndi magalamu 6 a laimu. Magalamu 6 amenewo amadya sopo wamtanda wokwana pafupifupi magalamu 35 thovu lisanayambe n'komwe. Sopo yenseyo mwagula ndi ndalama, sanachape kanthu, ndipo wina watsalira m'zovala. Ndiye mukawonjezera sopo popanda kukonza madzi, mukuwonjezeranso phala.

Apa ndiye ndinene mosabisa: sindigwirizana ndi chizolowezi choweruza mayi ndi zovala za pa chingwe. Timamva ku zilangizo kuti mkazi waukhondo amadziwika ndi kuyera kwa malaya a mwamuna wake, koma palibe nankungwi amene amafunsa kuti mtsikanayo akukakhala kotunga madzi otani. Amayi akutha zala ndi kufikisa, akuswa makolala a malaya pa mwala, pa vuto lomwe mphamvu sizingathetse. Ngakhale abale athu a ku London amadandaula zomwezi ali ndi makina ochapira, pakuti madzi a kum'mwera chakum'mawa kwa England amachokera m'miyala ya choko. Kodi nawonso atayirira?

Chinanso chomwe chimandinyansa ndi kuthamangira mankhwala onunkhira ofewetsa zovala aja. Amangopaka kamafuta pamwamba pa ulusi, laimu ali pomwepo. Tawulo limamveka lofewa tsiku loyamba, kenako limaleka kumwa madzi. Jiki nayenso musamuthamangire. Madzi ambiri a pa mjigo ali ndi chitsulo, mumazindikira akagona m'chidebe n'kusiya dzimbiri lofiirira pansi. Madzi otere mukawathira jiki, malaya oyera amatuluka achikasu kuposa kale. Ndipo mchere wa m'ndiwo, womwe ena amalangiza, suchotsa laimu ngakhale pang'ono.

Agogo athu anali nayo njira, ngakhale sankaitchula ndi mayina a sayansi. Chidulo chija timacheza ndi phulusa la zitsononkho pophika therere chili ndi mchere wa kaboneti umene umagwetsa laimu m'madzi. Vuto lake n'loti mphamvu yake siifanana, lero chakuthwa, mawa chozizira, ndipo chikapanda kusefedwa bwino chimadetsa zoyera. Pa zovala za kumunda chimathandiza. Pa yunifolomu ine ndimasankha soda.

Tsono chochita nachi

Yambani mwatsimikiza kuti ndi madzi. Tengani mabotolo awiri, lina muthire madzi a pa mjigo, lina a mvula, osadzaza. Paliranimo sopo wamtanda pang'ono mofanana, mutseke, mukhutchumule. La mvula lichita thovu lokhalitsa. La pa mjigo likangoyera ngati mkaka popanda thovu, mwapeza gwero.

Kenako konzani madzi musanaikemo sopo. Chofunika ndi soda wochapira, amene pa sayansi ndi sodiyamu kaboneti. Ndi wosiyana ndi soda wa therere, yemwe ndi wofooka pa ntchito imeneyi. Ngati wochapirayo sakupezeka, yalani soda wa therere mopyapyala m'thireyi, muike mu uvuni wotentha madigiri 200 kwa ola limodzi, asanduka wochapira. Ameneyo musaphikirenso, ndipo mulembe pa botolo lake. Magalamu 6 a laimu aja amafuna soda wochapira wongoposa magalamu 6 pang'ono, choncho supuni yaikulu imodzi yosasefukira pa chidebe cha malita 20 ndi yokwana ndithu. Isungunuleni m'kapu ya madzi ofunda, thirani, takasani. Madzi achita mbuu. Asiyeni usiku wonse, m'mawa mutsanule a pamwamba n'kutaya zoyera za pansizo. Mukachapira momwemo osatsanula, zina mwa izo zibwerera m'nsalu.

Pochapa gwiritsani safu, osati wamtanda. Sopo waufa ali ndi zochapira zomwe sizigwirana msanga ndi laimu, komanso ambiri amakhala ndi kaboneti kapena ziyolaiti zomanga laimuyo. Wamtanda musungire kolala ndi m'khwapa, m'madzi okonza kale. Musayeze sopo ndi kuchuluka kwa thovu, yang'anani ngati litsiro likuchoka.

Potsukuluza komaliza thirani theka la kapu ya viniga woyera m'chidebe cha malita 20, kapena madzi a mandimu osefa. Asidi wake amasungunula laimu wotsalira, ndipo fungo limatha zikauma. Viniga asakumane ndi soda m'madzi amodzi, amathana mphamvu. Asakumanenso ndi jiki, chifukwa pamatuluka mpweya wa poizoni wowononga mapapo.

Matawulo ouma kalewo anyikeni maola angapo m'madzi ofunda a malita 10 okhala ndi kapu imodzi ya viniga, tsukuluzani, kenako muchape ndi safu. Mwina mubwereze kawiri asanafewe. Soda wochapira amalusa pa khungu, ndiye musapitirize mlingo, ndipo majuzi a ubweya wa nkhosa ndi nsalu za silika musawaikemo. Ngati madzi anu amamveka mchere mkamwa, ngati a m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, soda achotsa laimu yekha, mcherewo utsala. Pamenepo ikani mgolo pansi pa malata nthawi ya dzinja, madzi a mvulawo muzisungira kutsukuluzira zoyera ndi za mwana.