Mayeso a womasulira m'khothi: zomwe ochonga amasaka

"Abale, Chizungu ndimachitha bwino ndithu, ndikufuna pepala la womasulira m'khothi kapena lomasulira zikalata. Kodi pamayeso amayang'ana chiyani?"

Achimwene, poyamba musasakanize, ndi ntchito ziwiri izi. Wam'khothi amagwira ndi pakamwa pompopompo, pomwe womasulira wolumbiritsidwa amagwira ndi mapepala, monga satifiketi yobadwira, yaukwati, chigamulo, amasaina ndi kudinda chidindo chake kuti zomwe wamasulira ndi zoona. Ku Joni ameneyu amalumbira ku khothi lalikulu, ku Jeremani nakonso amalumbiritsa ndi makhothi. Ku Ositireliya za mapepalawa amayendetsa ndi a NAATI, bungwe loyesa ndi kuvomereza omasulira.

Tsono za pakamwazi, titenge mayeso a makhothi a m'zigawo za ku Amereka chifukwa kachongedwe kake nkodziwika. Ali patatu: kuwerenga chikalata nkumamasulira mokweza, kumasulira munthu akamaliza kuyankhula, ndi kumasulira iye akuyankhulabe. Gawo lililonse pamafunika mamalikisi 70 pa 100, simungakwirire gawo lofooka ndi linzake ayi.

Chomwe ambiri sadziwa nchoti ochonga samvera kukoma kwa Chizungu chanu. Amakhala atalemberatu mzere pansi pa mawu ena, manambala, mayina, madeti, mikuluwiko, mawu azamalamulo, timawu tokayikira, ndiye akamamvera zomwe anakujambulani amangoona kuti awa wawatula kapena wawataya.

Tiyerekeze mboni yati: "Ndinamuona mwina cha m'ma 8 koloko usiku, atanyamula chinthu ngati chikwanje, chitsiru chimenechi." Inu nkumasulira kuti akuti anamuona 8 koloko ali ndi chikwanje. Zikumveka bwino eti? Koma mwagwa kangapo pamenepo. "Mwina" wapita, "usiku" wapita, "ngati" wapitanso, ndiye munthu amene amakayikira mwamusandutsa wotsimikiza, ndipo loya wa mbali inayo akanagwira pa "ngati" yemweyo kufunsa kuti mumdimamo anaonadi chikwanje kapena ndodo. Chipongwe chija mwachimeza chifukwa cha ulemu, chonsecho woweruza amayenera amve mkwiyo wa mboniyo momwe uliri. Komanso mwati "akuti", pomwe lamulo la ntchitoyi ndi loti muziyankhula ngati ndinu mwini mawu, "ndinamuona". Mboni ikayankhula zosokonekera nanunso muzitule zosokonekera choncho, kuwongola si ntchito yanu.

Nchifukwa chake phunzirani kulemba timanotsi, makamaka manambala ndi mayina, mutu wokha umanama. Dzijambuleni pafoni mukumasulira nkhani yoti muli nayo papepala, kenako muwerenge zomwe mwadumpha, mudabwa.

Kumapepala nkhani yake ndi yomweyo. Chidindo, siginecha, zolemba pamanja m'mbali, zonse zitchulidwe, posawerengeka mulembe kuti sipakuwerengeka, osalota. Deti likalakwika m'chikalatamo mulisiye choncho, mungoika kachidziwitso.

Musanalipire kosi iliyonse fufuzani kaye ngati bungwe loyendetsa mayesowo limayesa chiyankhulo chanu, poti mayeso a makhothi a boma lalikulu ku Amereka komweko pakadali pano ndi a Chisipanishi chokha.