Thanki ya malita 18 siyingakwane pa malita 400

"Akuluakulu, pa loji ina ku Area 43 tili ndi boyila yotenthetsa zipinda, madzi amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Ikatentha geji imafika 3 bar, vavu yotetezera n'kumataya madzi, m'mawa geji ili pansi. Madzi onse ndi malita pafupifupi 400, radiyeta yapamwamba ili mamita 7 kuchokera pa boyila, thanki yofiira ija ndi ya malita 18. Ndisinthe vavu?"

Achimwene, vavuyo isiyeni, ikugwira ntchito yake. Vuto ndi thankiyo.

Madzi akatentha amafufuma. Kuchoka pa madigiri 15, monga amakhalira m'mapaipi mu Juni kuno ku Lilongwe, kufika pa 80, amawonjezeka ndi 3 peresenti kapena kuchepera pang'ono. Pa malita 400 anuwo ndiye malita 12 ofuna pokhala. Madzi sapanikizika, choncho kothawira kwake ndi m'thanki yofiirayo, momwe amakankha labala n'kupanikiza mpweya uli kuseri kwake. Koma thanki ya malita 18 siyilandira malita 18. Ngakhale itapopedwa bwino, pofika 3 bar imakhala yalandira 9 okha. Atatu otsalawo ndi amene mukuwakolopa pansi, ndipo boyila ikazizira geji imagwa chifukwa madziwo anapita.

Muyambe ndi mpweya wa m'thanki, chifukwa kukula kwa thanki yofunika kumadalira pamenepo. Mamita 10 a madzi oima ndi 1 bar, ndiye mamita 7 ndi 0.7. Onjezani 0.3 kuti radiyeta yapamwamba isamayamwe mpweya, mwapeza 1.0 bar. Kumtunda, musalole presha kufika pomwe vavu imatsegukira. Siyani mpata wa 0.5, malire akhale 2.5. Pa malita 12 aja onjezani 3 oti azikhala m'thanki ngakhale madzi atazizira, akhale 15. Kukula kwa thanki m'malita, V, kupezeka motere:

```
V = 15 × (2.5 + 1) ÷ (2.5 − 1.0) = 35
```

1 wowonjezerayo ndi kulemera kwa mpweya watizingawu. Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, kotero kwenikweni ndi 0.9, yankho n'kukhala 34. Kusiyana kumeneko musataye nako tulo.

Nanga mugule ya 35? Ine ndingatenge ya 50. Mukamadzaza madzi ozizira mumaika geji pa 1.3 bar, pamwamba pang'ono pa mpweya uja, ndipo pamenepo ya 35 imakhala yamwa kale malita oposa 4. Boyila ikafika pa 80 geji idzakhala cha pa 2.8, vavu ili pafupi kudontha. Ya 50 idzaima cha pa 2.2. Komanso 400 wanuyo mwamuyeza kapena mwangoganizira? Ngati ndi wongoganizira, khuthulani madzi onse m'zigubu za malita 20 muwerenge. Thanki kukula sikuwononga kanthu, kuchepa ndiye kumalowetsa m'mavuto.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi apa. Mathanki ambiri amabwera atapopedwa kale 1.5 bar, munthu n'kungomanga osayeza. Ikani 1.5 m'malo mwa 1.0 m'masamu aja muone: yankho likulumpha kufika 52.5, ndiye ngakhale ya 50 yachepa. Kuwonjezera apo, mukadzaza pa 1.3 madzi salowa n'komwe m'thanki, mukangotulutsa mpweya pa radiyeta imodzi geji yagwa. Yezani mpweyawo thanki isanamangidwe, kapena mutakhuthula madzi a mbali yake, apo ayi geji ikuwonetsani presha ya madzi. Kavavu kake ndi kofanana ndi ka tayala la galimoto. Geji ya matayala ndi pampu ya njinga zikwanira. Mukakadina n'kutuluka madzi, labala inabooka. Ndinapezapo yotero pa nyumba ina, mwini wake atasintha mavavu awiri pachabe. Kuigogoda inkamveka yodzaza mpaka pamwamba. Yanu ya 18 iyeseninso choncho.

Imangeni pa paipi yobwerera ku boyila, pampu isanakoke, kumene madzi ndi ozizirirapo ndipo labala imakhalitsa. Pakati pa thanki ndi boyila pasakhale vavu yoti aliyense angatseke. Ngati ilipo, chotsani chogwirira chake.

Ndipo lekani zomangowonjezera madzi m'mawa uliwonse. Madzi atsopano amabwera ndi mpweya wodyetsa dzimbiri, maradiyeta achitsulo amayamba kudyeka mkati, madzi n'kuda bii. Mukamaliza kumanga, dzazani pa 1.3, tulutsani mpweya m'maradiyeta onse, bwezeraninso pa 1.3, tsekani ndi kuchotsa paipi yodzazira. Lembani geji madzi ali ozizira ndi pamene atentha. Ikamatsikabe pakapita sabata vavu ili youma, ndiye kuti penapake pakudontha, muyambe kusaka m'majointi.