Khutu la mwana likangobwerezabwereza

"Mwana wanga wa zaka 2 khutu lamudwalitsa kanayi chaka chino. Akuti mwina adzamuika timachubu. Chimayambitsa n'chiyani, ndipo ndivomere? Ndili ku Thyolo."

Achemwali, ndangowerenga mtima wanga myuu. Ine wanga anayamba ali ndi miyezi 9, tikukhala ku Chitakale. Chimfine chikangomugwira, masiku atatu khutu layamba. Sindidzaiwala usiku wina mu Juni, chiperoni chili waa, mwana thupi ngati mbaula, akukoka khutu, akukana bere, kulira mpaka mawu kusasa. Ndinazungulira naye nyumba ali kumbuyo mpaka cha m'ma 3. Kenako zii, wagona. Ine kuthokoza Mulungu kuti wachira. Kutacha ndinapeza chitenje chonse mafinya osakanikirana ndi magazi. Kumene kunali kuphulika kwa kachikopa ka m'kati mwa khutu, ululu unatha chifukwa mafinya anapeza potulukira. Apongozi anabwera ndi mafuta ophikira otenthetsa kuti tidonthezeremo, ine kupusa ndinalola. Musadzayerekeze.

Koma amene amandipsetsa mtima mpaka lero ndi bambo wa pakiliniki ina yolipira. Ulendo uliwonse amoksisilini, ndalama, bwererani. Khutu kulisuzumira ndi katochi kaja ayi, olo kamodzi! Kachikopa kanapola kokha, koma madzi anatsalira kuseri kwake, osapweteka, osatentha thupi. Mwana kufika zaka 3 mawu ake owerengeka. Ndinkamuitana ali chakumbuyo osacheuka, tsiku lina ndinamumenya ndithu ndikumati ndi mwano. Mwana sankamva. Zimenezi zimandiwawa kuposa usiku uja.

Ku Gulupu, ku Blantyre, kwa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi, ndi kumene anandifotokozera bwino. Pali kanjira kochokera m'kati mwa khutu kukatulukira kuseri kwa mphuno, kolowetsa mpweya ndi kutsitsa madzi. Kwa ife akulu n'kotsetsereka. Kwa mwana n'kakafupi, kopapatiza, komanso kogona chopingasa, ndiye chimfine chikakatupitsa kamatsekeka, madzi amadikha m'khutu, tizilombo tochokera kumphuno n'kuswana momwemo. Wangayu analinso ndi tinyama totupa kuseri kwa mphuno, amati adenoyidi, n'chifukwa ankagona kukamwa yasa akuliza mkonono ngati mdala. Onjezani utsi wa nkhuni womwe ankaupuma ndili naye kumbuyo kukhitchini, ndi chimfine chopatsirana kumkombaphala. Kumwetsa botolo mwana ali chagada nakonso kumawonjezera. Ambiri zimachepa akamayandikira zaka 7, kanjira kaja kakakula.

Timachubu, tija amaika pa kachikopa ka m'khutu kuti mpweya uzilowa madzi asadikhemo, saika chifukwa choti mayi watopa ayi. Amawerenga. Khutu lidwale katatu m'miyezi 6, kapena kanayi m'miyezi 12 komaliza kakhale ka m'miyezi 6 yapitayi, ndipo pomuyeza apeze madzi adakalimo. Akapeza mouma kawirikawiri amati tidikire. Njira ina ndi ya wangayu: madzi m'makutu onse awiri kwa miyezi 3 kapena kupitirira, kuyeza kwa kamvedwe n'kusonyeza kuti sakumva bwino. Ndiye inu kanayi kanuko kalembedwa m'buku lake la kuchipatala? Ine ena ndinkangogula mankhwala osalembetsa, pofunsidwa masiku ndinangoti kakasi. Ndipo ngati khutu likungotuluka mafinya milungu iwiri osaleka, imeneyo ndi nkhani ina, kachikopa n'kobooka kale, sangaikenso chubu. Pamenepo n'kupukuta ndi kansalu koyera kopota ndi mankhwala odontheza ochokera kuchipatala.

Kachubuko n'kakang'ono ngati kambewu ka mpunga. Amamugoneka tulo, kuboola kachikopa pang'ono, kuyamwa madzi, kukaika, mphindi 15 zokha basi. Wanga madzi ake anali onanda ngati ulimbo. Tikubwerera, pa Limbe anatseka makutu ndi manja chifukwa cha mahutala a maminibasi, ine misozi mbwembwembwe. Timachubuto timagwa tokha, kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi 18. Si kuti zonse zimathera pomwepo: lakumanzere linatulukabe mafinya kawiri, kungoti popanda kukuwa kuja, ndipo odontheza anakwanira. Ana ena kabowo sikatsekeka, ena madzi amabwerera n'kuikidwanso kachiwiri.

Pitani kuchipatala cha boma ku Thyolo konko, muumirire amuone m'khutu, mupemphe kalata yopitira ku Gulupu akamuyeze kamvedwe. Musazengereze ngati ine. Komanso musathamangire opaleshoni, akakuuzani kuti mubwerenso pakatha miyezi 3 musakalipe, madzi ambiri amauma okha. Ine ndinakalipa mpaka anesi anatuluka kudzaona, koma ndinadikirabe. Chosadikira ndi ichi: kuseri kwa khutu kukatupa, kukamapweteka mukakhudza, khutu n'kukankhikira kutsogolo, kwerani kabaza usiku womwewo.